Ngodya zitatu zikakana kukumana popinda pepala: kukonza phunziro la madigiri 180

Mphunzitsi amapinda thirayango yake kutsogolo kwa kalasi, ngodya zitatu n'kukumana bwinobwino pa mzere wowongoka. Ophunzira akapinda zawo, ena amapeza mpata pakati pa ngodya, ena ngodya zawo zimakwerana, ena nsonga ya pamwamba imakathera pamalo popanda pepala. Gulu limodzi likatenga pulotirakita n'kupeza 179, lina 183, phunziro limene limayenera kuonetsa kuti ngodya za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180 limasanduka mkangano. Umboni ukafika kumapeto, ana amangoukopera m'makope osaona kuti ukugwirizana pati ndi pepala limene lili m'manja mwawo.

Pafupifupi vuto lililonse la kupindako limachokera pa dontho limodzi, pamene nsonga ya pamwamba iyenera kugwera. Ana akalipeza mwa kupinda, mapepala amatseka. Akalipeza mongoyerekeza ndi maso, satseka.

Thirayango yoyesera ndi kapindidwe koyenera

Kuti muzizindikira msanga pamene palakwika, khalani ndi thirayango imodzi imene miyeso yake mukuidziwa pamtima. Yabwino ndi ya mbali za masentimita 13, 14 ndi 15. Jambulani BC ya masentimita 14 kuti ikhale mbali ya pansi. Ndi kampasi, kuchokera pa B tengani masentimita 13, kuchokera pa C tengani 15, ndipo pamene timizere tokhotato tadutsana ndi pa A. Imakwana pa theka la pepala la A4. Yanu yoonetsera kutsogolo muichulukitse kanayi, ikhale 52, 56 ndi 60, pa pepala la tchati kapena kuseri kwa kalendala yakale.

Mwana asanapinde chilichonse, alembe zilembo A, B ndi C mkati mwa ngodya, mbali zonse ziwiri za pepala, ndipo ngodya iliyonse aiike chizindikiro chosiyana ndi cha inzake: ina timizere, ina timadontho, ina aidetse ndi pensulo. Izi sizokongoletsa. Pepala likapindidwa, mbali imene imaoneka ndi yakuseri, ndiye amene analemba kumaso kokha amangoona makutu atatu oyera, osadziwa kuti A ndi liti.

Popinda pali panayi, ndipo poyamba ndi pamene ambiri amadumpha. Ikani mbali yaitali, kapena ina iliyonse imene ngodya zake ziwiri n'zochepera madigiri 90, pansi. Pindani pepala kuti mpindo udutse pa nsonga A, uku mbali ya pansi itagona pa iyo yokha, m'mphepete pa m'mphepete. Kanikizani ndi chikhadabo, tambasulani, ndipo pamene mpindowo wafika pa BC lembani D. Mzere AD ndiwo msinkhu wa thirayango. Kenaka tengani nsonga A muigwetsere pa D. Potsiriza tengani B muifikitse pa D, ndi C chimodzimodzi, uku m'mphepete mwa pansi mukutsetsereka pa mzere womwewo. Chotuluka ndi rekitango yooneka ngati envulopu, ndipo pa D pali ngodya zitatu zogundana, B, A ndi C, zodzaza mzere wowongoka.

Pa thirayango yathu ija, D ali masentimita 5 kuchokera pa B ndi masentimita 9 kuchokera pa C, ndipo AD ndi masentimita 12. Pa mpindo woyamba, nsonga B imagwera masentimita 4 isanafike pa C. Mpindo wachiwiri umadula AB pakatikati, pa E, ndi AC pakatikati, pa F, ndipo EF ndi masentimita 7. Khutu la B limapindikira pa masentimita 2.5 kuchokera pa B, la C pa masentimita 4.5 kuchokera pa C. Rekitango yomaliza ndi ya masentimita 7 m'litali ndi 6 m'lifupi. Mukamazungulira m'kalasi ndi rula, muyeso umodzi wokha wa BD umakuuzani ngati gulu layamba bwino.

Mpata mbali imodzi, kukwerana mbali inayo

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo chizindikiro chake sichisokoneza. Khutu limodzi lakwera pamwamba pa ngodya A, khutu linalo lasiya mpata, ndipo mpatawo ndi waukulu mofanana ndi kukwerako. Mukaona zotere musakayikire kadulidwe. Nsonga A yagwera pa mzere wa pansi ndithu, koma osati pa D.

Nthawi zambiri mwanayo amakhala wagwetsera A pakatikati pa BC, chifukwa m'maganizo mwake pakati ndi pamene zinthu zimakumanira. Pa thirayango yathu pakatikati ndi masentimita 7 kuchokera pa B, kutanthauza kuti waphonya D ndi masentimita 2 okha. Koma masentimita awiriwo amapendeketsa mpindo wonse. Ngodya A, imene ndi madigiri pafupifupi 59, imagona mopendekera ku B, n'kusiya malo a madigiri 48 okha kumbali ya B ndi a madigiri 72 kumbali ya C. Ngodya B ndi madigiri 67, ndiye singalowe m'malo a 48, imakwera pa inzake ndi madigiri 19. Ngodya C ndi 53, ndiye m'malo a 72 imasiya mpata wa madigiri 19 omwewo. Mudzaonanso kuti popinda khutu la B pepala likulimba, chifukwa mpindo wake ukugwira ndi gawo la khutu la A.

Pokonza, mwanayo atambasule, apeze D ndi mpindo woyamba uja, ayambirenso. Ngati waphonya pang'ono chabe, asunthire nsonga A kumbali imene makutu akwerana. Pepala limene lapindidwa molakwika kawiri limakhala ndi mizere yambiri imene imakoka chala, choncho ndi bwino kum'patsa lina kusiyana n'kuti azilimbana nalo.

Chimene chimabzala cholakwa chimenechi kawirikawiri ndi thirayango ya mphunzitsi yemwe. Ngati yoonetsera kutsogolo ili ndi mbali ziwiri zofanana, D amagwera pakatikati penipeni, ndipo ana amaphunzira lamulo labodza lakuti nsonga imapita pakati. Ikafika thirayango ya mbali zosiyana, lamulolo limawagwetsa. Poonetsa koyamba musagwiritse ntchito thirayango ya mbali zofanana, kaya ziwiri kaya zonse zitatu. Imabisa cholakwa chilichonse chimene mukufuna chionekere.

Kukula kwa pepala kulinso ndi mbali yake. Pa msinkhu wa masentimita 12, kuphonya D ndi milimita imodzi kumabweretsa mpata wa pafupifupi digiri imodzi, ndipo mamilimita 2 amabweretsa madigiri 2, amene maso sawaona kwenikweni. Pa kathirayango ka msinkhu wa masentimita 4, mamilimita 2 omwewo amabweretsa madigiri pafupifupi 6, mpata woti mwana aliyense auona n'kunena kuti masamu anama. Ana akamasiyidwa kudula okha, ambiri amadula tating'ono posunga pepala. Ikani lamulo lakuti mbali ya pansi isachepere masentimita 12 ndipo msinkhu usachepere 8.

Nsonga ikukagwera kunja kwa pepala

Mwana akanena kuti mpindo woyamba ukukana, kuti akafuna udutse pa A m'mphepete mwa pansi simukugona pamodzi, yang'anani ngodya ziwiri za pansi. Imodzi ndi yoposa madigiri 90. Zikatero msinkhu wochokera pa A sufika pa mbali ya pansi, umakagwera panja.

Tengani thirayango ya mbali 4, 13 ndi 15, BC ya masentimita 4 ili pansi. Ngodya B ndi madigiri pafupifupi 113, ndipo D akanakhala masentimita 5 kunja kwa B, pamene palibe pepala. Palibe kapindidwe kamene kangatheke chonchi. Itembenuzeni kuti mbali ya masentimita 15 ikhale pansi, ngodya yaikuluyo ipite pamwamba. Tsopano msinkhu ndi masentimita 3.2, ndipo umagwera masentimita 2.4 kuchokera pa C. Imapindika, ngakhale kuti rekitango yake ndi yopyapyala, masentimita 7.5 ndi 1.6, ndipo khutu la ngodya ya madigiri 14 ndi lalitali, losachedwa kupotoka.

Lamulo losavuta kwa ana n'lakuti mbali yaitali kuposa zonse ikhale pansi. Siliphonya, chifukwa ngodya yaikulu kuposa zonse imayang'anizana ndi mbali yaitali, ndiye ziwiri zotsala pansizo zimakhala zochepera 90 nthawi zonse. Musachotse mathirayango oterewa m'phunziro poopa chisokonezo. Mwana amene sanapindepo thirayango ya ngodya yoposa 90 amakhala ndi chifukwa chomveka chokayikira kuti 180 ndi ya mathirayango onse.

Thirayango ya ngodya ya madigiri 90 imadabwitsa mwa njira ina. Ngodya ya 90 ikakhala pa B, pansi, D ndi B yemweyo, ndiye khutu la B silipindika. Palibe cholakwika. A ndi C zikagwera pa B zimadzaza ngodya B ndendende, kusonyeza kuti ziwirizo pamodzi ndi 90. Gulu limene lamaliza msanga lipatseni imeneyi.

Mpata mbali zonse ziwiri, kapena nsonga zosagundana

Apa vuto lili m'kadulidwe kapena m'pepala. Ikani rula m'mphepete mwa mbali iliyonse. Sizasi m'manja mwa mwana imakonda kulowa mkati pakati pa mbali, ndipo mbali yokhotera mkati imachepetsa ngodya za kumapeto kwake, ndiye makutu amasiya mipata yopyapyala mbali zonse. Mbali yotukumukira kunja imachita zosiyana, makutu amakwerana pang'ono konsekonse. Nsonga yoduka kapena yong'ambika imasiya kabowo pa D, ndipo mwana posadziwa pamene nsonga yeniyeni inali amaikankhira mopitirira.

Kumene masizasi ndi ochepa, ana apinde pepala motsatira mzere wojambula, akanikize mpindowo kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka ang'ambe atakanikiza rula pamzerepo. Zimatuluka zowongoka kuposa za sizasi yobuntha, ndipo simufunika malezala m'kalasi. Pepala la m'kope kapena lotayidwa ku ofesi ndi labwino. Katoni ndi chikuto cha kope n'zokhuthala, mpindo umadya milimita kapena kuposa, ndipo makutu amadzuka mukangochotsa chala. Nyuzipepala imapindika bwino koma zilembo za ana sizioneka pakati pa zolembedwa kale.

Nthawi zina nsonga A imaima pamwamba pa mzere wa pansi kapena kupitirira. Muyeso wake ndi wachidule: m'lifupi mwa rekitango muyenera kukhala theka la msinkhu. Ngati pa thirayango yathu mwatuluka 6.5 m'malo mwa 6, A sinafike pa D.

Pulotirakita yanena 179

Funso limeneli lidzabwera, ndipo ndi bwino mulibweretse nokha. Ngodya zenizeni za thirayango ya 13, 14, 15 ndi pafupifupi 67.4 pa B, 53.1 pa C ndi 59.5 pa A, ndipo ya A imatsalira pang'ono kufika pa theka lenileni. Pulotirakita ya m'bokosi la masamu imasonyeza madigiri athunthu okha, ndiye mwana wosamala kwambiri, amene sanalakwitse chilichonse, akhoza kuwerenga 67, 53 ndi 59, n'kupeza 179. Digiri yosowayo yabalalika m'tizidutswa titatu timene chida sichingawerenge. Mukawonjezera kunenepa kwa mzere wa pensulo ndi kusuntha kwa dzanja, chilichonse kuyambira 177 mpaka 183 si chachilendo ayi.

Choopsa si 179. Choopsa ndi kalasi imene gulu lililonse lalemba 180 ndendende, chifukwa zimasonyeza kuti ana ayeza ngodya ziwiri, yachitatu n'kuipeka kuti asangalatse aphunzitsi. Auzeni alembe zimene aona, ndipo lembani mayankho onse pabolodi monga momwe alili. Mndandanda wa 179, 181, 180, 178, 182 ndiwo umakupatsani chifukwa chopitira ku umboni: kuyeza kwatiuza kuti yankho lili pafupi ndi 180, koma sikungasiyanitse 180 ndi 179.

Yankho lotalikira kwambiri, monga 225, lili ndi gwero lina. Pulotirakita ili ndi mizere iwiri ya manambala yoyenda mosemphana, ndipo mwana wawerenga 113 pamene panali 67. Mufunseni ngati ngodyayo ndi yaikulu kapena yaing'ono poyerekeza ndi kona ya kope lake. Akayankha kuti yaing'ono, adziwa yekha kuti 113 singatheke.

Palinso ana amene amakhulupirira kuti thirayango yaikulu ili ndi madigiri ambiri, chifukwa kwa iwo kukula kwa ngodya ndi kutalika kwa mizere yake. Thirayango yanu ya 52, 56, 60 ndi ya mwana ya 13, 14, 15 zili ndi ngodya zofanana. Itanani mwana asanjike ngodya B yake pa ngodya B yanu, kenaka C, kenaka A. Zimatenga mphindi ziwiri, ndipo ndi bwino kuzichita kupinda kusanayambe.

"Taona kale, umboni ndi wachiyani?"

Kupinda kukayenda bwino kumabweretsa vuto lakelake. Ana akhutira, ndipo umboni umaoneka ngati ntchito yongowonjezera. Kuwauza kuti kupinda si umboni sikuthandiza ngati sakuona chimene chikusowa. Afunseni mafunso awiri. Mathirayango amene kalasi yonse yapinda ndi angati, ndipo amene alipo onse ndi angati? Ndiponso, pakanakhala mpata wa theka la digiri pa D, ndani akanauona? Funso lachiwirili ndi lamphamvu kwambiri ngati mndandanda wa 179 ndi 181 uja ukadali pabolodi.

Umboni wake ndi waufupi. Jambulani thirayango ABC ya mbali zosiyana. Kudzera pa A jambulani mzere PQ wa paralelo ndi BC, ndiye kuti woyenda nawo limodzi osadzakumana, P kumbali ya B, Q kumbali ya C.

```
∠PAB = ∠ABC
∠QAC = ∠ACB
∠PAB + ∠BAC + ∠QAC = 180°
∠ABC + ∠BAC + ∠ACB = 180°
```

Mizere iwiri yoyamba ndi yoona chifukwa ndi ngodya za Z pakati pa mizere ya paralelo. Wachitatu ndi woona chifukwa PAQ ndi mzere wowongoka. Wachinayi watuluka poika ngodya za thirayango m'malo mwa zinzake zofanana nazo. Mwana aliyense alembe chifukwa pambali pa mzere uliwonse, m'mawu akeake. Amene walemba mizere inayi popanda zifukwa wakopera chabe.

Pamene ana ambiri amatayikira ndi pa mzere PQ, chifukwa umaoneka ngati wangogwa kumwamba. Pepala lawo lija lili ndi yankho. Atambasule envulopu ija. Mpindo EF ndi wa paralelo ndi BC, pakuti yonse iwiri imapanga ngodya ya 90 ndi AD. Aike rula pa EF, aikankhire m'mwamba osaipendeketsa mpaka ifike pa A. Pamene rula yaima ndi PQ. Kenaka ayerekeze dongosolo la ngodya: pa D zinali B, A, C kuchokera kumanzere, ndipo pansi pa rula pa A zilinso B, A, C. Amene akukayikabe ang'ambe khutu la B, alizungulitse, alilowetse pakati pa rula ndi AB. Limalowa ndendende. Kung'ambako kuchitike pamapeto, chifukwa thirayango yong'ambidwa singapindidwenso.

Ngati kalasi sinaphunzire ngodya za Z, umboni uwu ulibe poimira, ndipo kuuphunzitsa tsiku lomwelo pamodzi ndi ngodya za Z n'kusenzetsa ana katundu wawiri. Yesani izi phunziro lisanafike: jambulani mizere iwiri ya paralelo ndi wina woidutsa, lembani 67 pa ngodya imodzi, funsani inzake ya Z. Funsaninso ngodya yotsala pa mzere wowongoka ngati ina ndi 127. Ngati ambiri alephera, phunziro la thirayango lidikire.

Zolakwa za mkati mwa umboni

Chofala ndi kusinthanitsa ngodya, kulemba kuti PAB ndi yofanana ndi ACB. Yankho lomaliza limatulukabe 180, ndiye cholakwacho chimadutsa mosavuta pochonga. Pa chojambula cha mbali ziwiri zofanana sichioneka n'komwe, chifukwa B ndi C n'zofanana kale. Pa thirayango yathu, 67 ndi 53 zimasiyana moonekeratu. Mwanayo atsate Z ndi chala: kuchokera pa P kupita pa A, kutsika ndi AB, kutuluka ndi BC. Ngodya ziwiri zimene chala chakhotera ndizo zofanana. Z wa mbali ya C ndi wotembenuka, ndipo ena samuzindikira mpaka mutamujambula ndi choko cha mtundu wina.

Ena amatenga pulotirakita n'kuyeza PAB pa chojambula chawo, n'kudandaula kuti yatuluka 65 pamene B ndi 67. Mzere wawo wa paralelo anaujambula ndi maso. Ndi nthawi yabwino yowauza kuti mu umboni chojambula ndi chokumbutsa chabe. Tanena kuti PQ ndi wa paralelo, ndipo zonse zikuchokera pa mawu amenewo, osati pa pensulo. Ngati akufuna chojambula cholondola, atsetserese seti sikweya m'mphepete mwa rula.

Cholakwa chovuta kugwira chimachokera kwa ana ochenjera. Amaona mpindo AD wagawa thirayango pawiri, n'kunena kuti iliyonse ili ndi 180, pamodzi 360, kuchotsa ngodya ziwiri za 90 za pa D, kutsala 180. Masamu ake ndi olondola, koma agwiritsa ntchito chimene akufuna kutsimikiza. Afunseni kuti 180 ya kathirayango ABD aitenga kuti. Chimodzimodzi amene amayambira pa lamulo lakuti ngodya ya kunja ndi yofanana ndi ziwiri za mkati zoyang'anizana nayo: ngati lamulolo analiphunzira kuchokera pa 180, akungozungulira. Euclid, pafupifupi zaka 300 Khristu asanabadwe, anatsimikiza zonse ziwiri pamodzi pa mfundo ya 32 ya buku lake loyamba, koma anayambira pa mzere wa paralelo, osati pa 180.

Wina akhoza kufunsa chifukwa chake makutu amatseka nthawi zonse. Yankho lilipo ndipo ndi lalifupi kwa kalasi imene yafika pa mathirayango a mbali ziwiri zofanana. Kupinda A pa D kumapangitsa ED kukhala wofanana ndi EA. Popeza EF ndi wa paralelo ndi BC ndipo wadutsa pakatikati pa AD, E ali pakatikati pa AB, ndiye EB ndi wofanananso ndi EA. Choncho EB ndi ED n'zofanana, zonse masentimita 6.5 pa thirayango yathu, ndipo ngodya EDB ndi yofanana ndi B. N'chifukwa chake khutu la B limadzaza malo ake osasiya mpata. Taonani kuti paralelo wabweranso. Kupinda sikumuthawa, kumangomubisa. Kwa ana a ku pulayimale izi zisiyeni.

Nthawi ikathera pa kudula

Phunziro limeneli likafa, nthawi zambiri limafera pa sizasi. Mphindi 25 zimapita ana akujambula ndi kudikirana, umboni n'kuthamangitsidwa belu litatsala pang'ono kulira. Dulani mathirayango oyesera dzulo lake. Mapepala asanu osanjikiza, atapanidwa bwino, amadulika nthawi imodzi. Gulu la ana anayi kapena asanu lilandire yoyesera imodzi kwa aliyense ngati mapepala alipo, kapena ziwiri pagulu ngati ndi ochepa, kuphatikiza ina ya ngodya yoposa 90 ndi ina ya 90.

Pa mphindi 80, mphindi 10 zoyamba zipite ku ngodya za pa mzere wowongoka, za Z ndi kusanjika ngodya za thirayango yaikulu ndi yaing'ono. Mphindi 10 zotsatira ana ayeze ndi pulotirakita, mayankho apite pabolodi. Kupinda kutenge 25, yoyesera poyamba kalasi yonse pamodzi, mpindo umodzi nthawi imodzi, ndipo aliyense akweze pepala lake mutatha mpindo woyamba kuti muone D musanapitirire. Umboni upatsidwe 20, ndipo 15 zotsala zikhale za mafunso. Ngati muli ndi mphindi 40 zokha, gawani masiku awiri, mulekezere pa funso la theka la digiri lija, ndipo mutolere mapepala opindidwa, chifukwa akapita nawo kunyumba mawa sabwera.

Mafunso omaliza asakhale ongochotsera pa 180 okha, popeza mwana akhoza kupeza 70 pa ngodya za 48 ndi 62 osamvetsa chilichonse cha lero. Onjezerani ena oonetsa maganizo. Kodi thirayango ingakhale ndi ngodya ziwiri za 90? Singathe, chifukwa yachitatu ingatsale ndi 0. Mnzanu wayeza 91, 47 ndi 44, kodi walakwitsa kwambiri? Wapeza 182, ndi kuphonya kwa chida. Jambulaninso thirayango itapendekeka, mbali BC itaimirira, muwauze alembe umboni. Amene analoweza chithunzi amajambula PQ mopingasa monga poyamba, pomwe amene wamvetsa amamuimiritsa motsatira BC, kapena amasankha nsonga ina n'kusintha zilembo.

Pamene 180 imalekera

Mwana akafunsa ngati pali thirayango imene siikwana 180, musayankhe kuti palibe. Pa malo athyathyathya palibe. Pa mpira ilipo. Tengani lalanje kapena mpira, jambulani mzere wozungulira pakati ngati ikweta, ndipo kuchokera pamwamba penipeni tsitsani mizere iwiri yopanga ngodya ya 90 pakati pawo mpaka ifike pa ikwetayo. Uliwonse umafika pa ikweta ndi ngodya ya 90, ndiye ngodya zitatuzo pamodzi ndi madigiri 270. Funsani kalasi kuti ndi mzere uti wa umboni umene wagwa. Ndi woyamba penipeni, tisanalembe chilichonse: pa mpira, mizere yowongoka ndi yozungulira mpira wonse ngati ikweta, ndipo iwiri iliyonse yotere imakumana, choncho PQ wa paralelo ndi BC sangajambulike.